Chilonda chonyowa chongobuka pa khungu la galu: zoyenera kuchita kunyumba

Usiku galu wagona ali bwinobwino. M'mawa mukupeza pakhosi kapena pamwamba pa mchira ubweya wamatana, panyowa, ndipo pakutuluka kafungo. Mukapatula ubweyawo ndi chala mukuona khungu lofiira ngati lasendedwa, likuchucha timadzi tachikasu, ndipo mukayandikitsa dzanja pakumveka kutentha. Madokotala a ziweto amachitchula kuti hoti sipoti, chifukwa cha kutenthako. Eni agalu ambiri amathamangira kuganiza kuti wina wamuthira madzi otentha, kapena kuti walumidwa ndi galu mnzake. Nthawi zambiri si choncho ayi. Chilondacho wadzipanga yekha galuyo ndi mano ake, lilime lake, kapena zikhadabo za mwendo wakumbuyo.

Chimayamba ndi kuyabwa. Nthata yaluma, khutu likunyerenyetsa, kapena ubweya wakhala wonyowa tsiku lonse, ndiye galu amakanda. Kukandako kumasupula kachikopa kapamwamba, timadzi timatuluka, ubweya umamatirira pamwamba n'kutsekera chinyezi mkati. Tizilombo ta mabakiteriya timene timakhala pakhungu la galu aliyense timapeza malo ofunda ndi onyowa n'kuswana. Apo kuyabwa kumawonjezeka, galu amakandanso mwamphamvu, ndipo kachilonda kamene m'mawa kanali ngati kansonga ka chala kamafika kukula kwa chikhatho dzuwa lisanalowe. Agalu a ubweya wambiri wothithikana monga Jemani Shepadi, Labulado ndi Rotiwaila ndiwo amavutika kwambiri, makamaka nyengo yotentha ndi yachinyezi, koma galu wamtundu uliwonse chingamugwire.

Mukamvetsa zimenezi, ntchito yonse yaoneka kale: chilondacho chipitidwe mphepo, chiyeretsedwe, ndipo galu asachifikirenso. Mankhwala amabwera pambuyo pa zitatuzi.

Choyamba: onani ngati ndi chilonda choti mungachigwire nokha

Musanayambe kumeta, yang'anani galu yense. Ngati akudya, akuyenda, akugwedeza mchira, ndipo chilondacho ndi chimodzi, chosapitirira masentimita 5 m'lifupi, chofiira pamwamba pokha, mungayambe kunyumba. Pitani naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo ngati chilondacho chaposa chikhatho chanu, ngati zilondazo ndi zingapo, ngati chili pafupi ndi diso, ngati galu wafooka kapena wakana chakudya, ngati pali bowo lolowa mkati, kapena ngati mwaonamo mphutsi. Bowo likutanthauza kuti mwina walumidwadi, ndipo kulumidwa ndi nyama yosadziwika kuli ndi nkhani yake ya chiwewe imene siichedwetsedwa. Ngati muli ndi choyezera kutentha kwa thupi, galu wabwinobwino amakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39.2. Akapitirira 39.5 ali phee pamthunzi, matenda alowa m'thupi.

Chipere ndi mphere zimasiyana ndi chilonda chimenechi. Chipere chimakhala chouma, chozungulira, cha mfundumfundu, ndipo chimakula pang'onopang'ono kwa masabata. Mphere imathothola ubweya m'mbali mwa makutu, m'zigongono ndi kumimba. Chathuchi n'chonyowa, n'chopweteka, ndipo dzulo kunalibe.

Chachiwiri: dzitetezeni ku mano

Gawo ili anthu amalidumpha chifukwa amati galu wanga sanandilumepo. Chilonda chimenechi chimapweteka kwambiri, ndipo galu wofatsa amatha kutembenuka n'kuluma dzanja la mbuye wake asanaganize n'komwe. Mukhale awiri, mmodzi wogwira galu, wina wosamalira chilonda. Ngati mulibe chotsekera pakamwa, tengani kansalu kofewa kotalika pafupifupi mita imodzi. Pangani chizingo, chiloweni pamphuno pakati pa maso ndi nsonga ya mphuno, mangani mfundo pamwamba, pingasitsani nsonga ziwirizo pansi pa chibwano, kenako mangani kumbuyo kwa makutu. Asakhale nacho kupitirira mphindi 10, chifukwa galu amadziziziritsa popuma ndi pakamwa. Galu wa mphuno yaifupi yophwatalala, galu amene akusanza, kapena amene akupuma movutikira, musamumange pakamwa.

Akalira, kulimbana nanu mwamphamvu ngakhale mwamumanga, lekani. Si kulephera kumeneko. Agalu ambiri amametedwa chilonda chotere atabayidwa jakisoni wowodzeretsa, ndipo amene angachite zimenezo ndi dokotala.

Chachitatu: metani, ndipo musaumire

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Chimene mukuona ndi maso musanamete ndi pakati pa chilonda pokha. M'mbali mwake mwabisala pansi pa ubweya umene ukuoneka wabwinobwino, ndipo m'mbalimo ndi mmene chilonda chikukulira. Mukameta pakati pokha n'kusiya m'mbali, mawa mudzapeza chafalikira kwina, n'kumati mankhwala sakugwira.

Makina ometera tsitsi ndiwo abwino. Yambirani kunja, pakhungu labwino, n'kumalowera mkati, makinawo atagona chafufumimba pakhungu osati kuimika mano ake. Pitirizani mpaka mutaona khungu labwino, losafiira, la masentimita 2 kapena 3 kuzungulira chilonda chonse. Makina akagwira ntchito kwa kanthawi chitsulo chake chimatentha, choncho muzichikhudza kuseri kwa dzanja lanu kawirikawiri. Pamwamba penipeni pa chilonda musakhudzitse chitsulo, ingodulani ubweya umene wagonerapo.

Ngati muli ndi sizasi yokha, samalani kwambiri. Khungu la galu ndi lotambasuka, ndipo mukakoka ubweya womatana limakwera nawo ngati kahema, n'kulowa pakati pa sizasi. Agalu ambiri amasokedwa chifukwa cha ngozi imeneyi. Lowetsani chipeso pakati pa khungu ndi ubweya, n'kudula pamwamba pa chipesocho. Lezala musayerekeze, imapala khungu n'kuyambitsa kuyabwa kwina.

Ubweya umene wauma n'kumatirira pachilonda musauzule. Viikani kansalu m'madzi ofunda pang'ono, kagonekeni pamenepo mphindi 5, ndipo zomatazo zimafewa n'kuchoka zokha mukamapukuta. Mukamaliza kumeta mudzadabwa kukula kwake. Musaope, sichinakule nthawi yomweyo, mwangochivundukula.

Musanapitirire, jambulani chithunzi mutaika chala chanu kapena rula pambali pake. Ena amalemba timadontho ndi cholembera pakhungu lometedwalo kutsatira malire a kufiira. Mawa maso okha adzakunamizani, koma timadonthoto tidzakuuzani zoona ngati chilonda chaima kapena chadutsa malire.

Chachinayi: tsukani

Madzi amchere ndi okwanira kuyambira. Wiritsani madzi theka la lita, sungunulanimo supuni yaing'ono imodzi ya mchere yosasefukira, ndipo dikirani azizire mpaka akhale ofunda ngati thupi. Musachulukitse mchere poganiza kuti upha tizilombo msanga, mungomuwawitsa galu. Thirani madziwo pachilonda pang'onopang'ono kuti akokolole timaubweya todulidwa ndi mafinya, kenako pukutani ndi kansalu koyera kuchokera pakati kupita kunja. Thonje la mbulumbulu limasiya ulusi pachilonda, ndiye kansalu kapena bandeji yopyapyala ndiyo yabwino.

Mukatero pakani mankhwala opha tizilombo, koma osungunula. Pali awiri amene ndi otetezeka. Woyamba ndi kuloheksidini. Pakhungu losupuka amafunika wa mphamvu ya 0.05 peresenti, pamene m'mabotolo amabwera wamphamvu kwambiri, choncho werengani pabotolo. Ngati palembedwa 5 peresenti, thirani supuni yaing'ono imodzi, ndiye kuti mamililita 5, m'madzi theka la lita. Ngati palembedwa 2 peresenti, masupuni aang'ono asanu m'madzi lita imodzi. Sungunulani ndi madzi owiritsa opanda mchere, ndipo muzikonza atsopano tsiku lililonse. Onetsetsani kuti si wosakaniza ndi sipiriti. Kuloheksidini asalowe m'diso, amawononga diso, ndipo asalowe mkati mwa khutu, chifukwa ngati nembanemba ya khutu inabooka galu angagonthe. Wachiwiri ndi ayodini wa mtundu wa povidoni, uja wofiirira wa 10 peresenti. Muyezo umodzi wa iyeyo, miyezo 9 ya madzi. Chilonda chikakhala kumaso, ayodini wosungunulayu ndi amene ndimasankha. Sankhani mmodzi mwa awiriwa, osawaphatikiza.

Tsopano umitsani. Gunditsani kansalu kouma mofatsa, osakhula, mpaka chilonda chitasiya kunyezimira. Mukafuna kumuchepetsera kuyabwa, kansalu koviika m'madzi ozizira n'kufinya, kogoneka pamenepo mphindi 5 mpaka 10, kamathandiza ndithu, bola muumitsenso pambuyo pake. Bwerezani kutsuka ndi kuumitsa kawiri kapena katatu pa tsiku, masiku atatu oyamba.

Musamange bandeji. Mtima umafuna kuphimba chilonda kuti chisalowe fumbi, koma chilonda ichi chinabadwa chifukwa chophimbidwa. Pachifukwa chomwecho mafuta olemera onga vaselini sayenera, amatsekera chinyezi mkati ndiponso amakopa galu kuti anyambite.

Zimene simuyenera kupaka kapena kumwetsa

Sipiriti amawawa koopsa pakhungu losupuka, ndipo galu amene mwamuthira sipiriti kamodzi sadzalolanso kuti mumuyandikire mawa. Haidirojeni perokisaidi, uja wochita thovu, amapha tizilombo limodzi ndi timinofu tatsopano timene tikufuna kutseka chilonda. Mankhwala otsukira pansi ndi m'zimbudzi, makamaka aja amayera ngati mkaka mukawathira m'madzi, amawotcha khungu ndipo ndi poizoni galu akanyambita. Oyilo wakuda wa galimoto, amene ena amakhulupirira kuti amachiza matenda a pakhungu, amangomudwalitsa galu. Dibi wa nkhupakupa sathiridwa pachilonda, amalowerera m'magazi mosavuta khungu likakhala lotseguka. Mafuta opaka ana matewera akawasupula amakhala ndi zinki, ndipo galu akawanyambita amasanza.

Mapiritsi a anthu opha ululu ndiwo oopsa kuposa zonsezi. Aibupulofeni ndi daikulofenaki amaboola chifu cha galu ndi kuwononga impso, ngakhale pa mlingo umene kwa munthu ndi wochepa. Parasitamo amawononga chiwindi mlingo ukalakwika, ndipo woyenera kuwerengera mlingowo ndi dokotala. Makapisozi otsala a munthu wodwala nawonso asiyeni, chilonda chapamwamba sichifuna mankhwala akumwa, ndipo chozama chimafuna mtundu woyenera kwa masabata angapo.

Chimodzi chokha chimene mungawonjezere ndi kirimu wa haidirokotizoni wa 1 peresenti, kupaka mopyapyala kwambiri kawiri pa tsiku kwa masiku atatu kapena anayi, kuti kuyabwa kuzizire. Chitani zimenezi pokhapokha ngati chilonda ndi chapamwamba, chilibe mafinya ambiri, ndipo galu sangachinyambite.

Chachisanu: mutsekereni njira

Mphindi ziwiri za kukanda usiku zimafafaniza ntchito ya tsiku lonse. Kolala ya pulasitiki yooneka ngati fanulo ndiyo yodalirika. Iyenera kupitirira nsonga ya mphuno ndi masentimita 3 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo pakhosi pazilowa zala ziwiri. Ikakhala yaifupi galu amapinda khosi n'kufikabe pamchira. Mukhoza kuipanga nokha ndi katoni yolimba: dulani chozungulira, boolani pakati molingana ndi khosi, ng'ambani mbali imodzi, kulungani ngati fanulo, n'kumangirira ku lamba wake wa pakhosi ndi tizingwe. M'mphepete mwake matani tepi kuti musamucheke.

Tsiku loyamba amagunda nayo zitseko, amaima chilili ngati wazunguzika, mwinanso kukana kudya. Kwezani mbale yake pang'ono kapena muvuleni nthawi yodya inu mutaima pomwepo. Usiku musamuvule ngakhale akudandaula bwanji, chifukwa usiku ndi pamene amakanda popanda womuletsa.

Chilonda chikakhala patsaya kapena pakhosi, mdani si lilime koma mwendo wakumbuyo. Wengani zikhadabo zake, ndipo muvekeni sokosi kumwendo wa mbali imeneyo, yomata ndi tepi pamwamba pa sokosiyo mosafinya. Onaninso kuti m'mphepete mwa kolala simukukhula pachilondapo. Masana mukhazikeni m'nyumba kapena pamalo ouma opanda ntchentche. Ntchentche zimakonda chilonda chonyowa, ndipo mazira ake amaswa mphutsi pasanathe tsiku limodzi kunja kukatentha.

Mmene zinayendera ndi galu wanga

Wanga ndi wa ubweya wambiri, wolemera makilogalamu 30. Ananyowa ndi mvula masana, ndipo ine ndinangomupukuta pamwamba n'kumusiya. Usiku ndinamva lamba wake akulira ngwerengwere, akukanda, koma ndinapitiriza tulo. M'mawa pansi pa khutu lamanzere panali ponyowa, poyerekeza masentimita 3. Nditameta ndinapeza kuti ndi masentimita 7, kutsikira kukhosi. Ndinatsuka ndi madzi amchere, n'kupaka ayodini wosungunula popeza panali pafupi ndi nkhope, ndipo ndinalemba timadontho tanga.

Tsiku lachiwiri kufiira kunali kusanadutse timadonthoto, ndipo timadzi tinachepa. Tsiku lachitatu panagwira nkhanambo yopyapyala yofiirira. Ndinasangalala, ndipo tsiku lachinayi ndinamumvera chisoni n'kumuvula kolala ndi sokosi. Kunja kusanache anali atakanganula nkhanambo yonse, magazi ali chuchuchu. Ndipamene ndinaona chimene ndinayenera kuona poyamba: ankapukusa mutu pafupipafupi n'kumaupendeketsa kumanzere. Nditatukula khutu, mkati munali mofiira, muli phula lakuda lonunkha. Mvula ija inangothandizira, gwero linali khutu. Dokotala atayang'ana anapereka mankhwala odonthezera m'khutu, ndipo kukanda kunasiya m'masiku awiri. Chilonda chinauma patatha sabata, ubweya unayamba kumera sabata yachitatu.

Chachisanu ndi chimodzi: funani chimene chinayambitsa kuyabwa

Malo amene chilonda chabukira amalozera gwero lake. Chikakhala patsaya, pansi pa khutu kapena m'mbali mwa khosi, tukulani khutu, yang'anani ndi kununkhiza. Khutu labwino ndi loyera mkati ndipo silinunkha. Musathiremo chilichonse dokotala asanaone ngati nembanemba ili yonse.

Chikakhala pamsana chakumchira, ganizani za nthata, ngakhale simukuziona. Galu amene thupi lake limadana ndi malovu a nthata amayabwidwa masiku angapo ndi kulumidwa kochepa chabe, ndipo nthatazo amazimeza podziluma. Muimikeni pa pepala loyera lonyowa, pesani ubweya wa pamwamba pa mchira. Timadontho takuda tikagwa n'kusungunuka kukhala tofiira, ndi ndowe za nthata, magazi amene zinayamwa. Zikatero agalu ndi amphaka onse a pakhomo alandire mankhwala a nthata, aliyense oyenera mtundu wake, chifukwa ena a agalu, monga okhala ndi pemetirini, amapha amphaka. Zogonera zake zichapidwe ndi madzi otentha, popeza mazira ndi ana a nthata amakhala mmenemo osati pagalu.

Chikakhala pambali pa mchira kapena kuseri kwa ntchafu, ndipo galu amakhwekhwereza matako pansi, timatumba tiwiri ta kumalo ochitira chimbudzi tadzaza, ndipo tikufunika kufinyidwa ndi wodziwa. Galu wokalamba amene amangonyambita pamwamba pa chiuno kapena pa bondo limodzi mwina akumva kupweteka kwa mfundo ya mafupa pansi pake. Ndipo ngati zilondazi zimabwerabwera chaka ndi chaka nyengo yofanana, kapena galu amanyambitanso mapazi ndi kudwala makutu kawirikawiri, thupi lake likudana ndi china chake m'chakudya kapena m'malo amene amakhala. Kufufuza zimenezo ndi ntchito ya dokotala.

Galu wa ubweya wambiri akasamba, akasambira kapena akanyowa ndi mvula, lowetsani zala mpaka pakhungu, makamaka kuseri kwa makutu, pansi pa lamba ndi pamwamba pa mchira. Pamwamba pamauma msanga pamene pansi pakadali chinyezi. Vulani lambayo mpaka khosi liume, ndipo ubweya wopotana muzipesa usanagwirane.

Kudziwa ngati chikupola kapena chikulowa pansi

Pakatha maola 24 mpaka 48, chilonda chimene chikuyenda bwino chimaleka kukula, chimasiya kuchucha, kufiira kumazilala, ndipo galu amalola kuti mukhudze pafupi. Nkhanambo ikagwira musaichotse, ingotsukani m'mbali mwake kamodzi pa tsiku. Kolala ikhalebe mpaka nkhanamboyo itagwa yokha ndipo pansi pake paoneka khungu losalala, kawirikawiri masiku 7 mpaka 10. Nthawi imene chilonda chikuuma ndi pamene chimayabwanso kwambiri, ndiye musabwereze kulakwitsa kwanga kuja.

Pali mtundu wina umene pamwamba umafanana ndi umenewu koma tizilombo talowa m'mizu ya ubweya. Umakonda patsaya ndi pakhosi, makamaka mwa agalu aang'ono a mitundu ikuluikulu ya ubweya wambiri. Mungauzindikire ndi zala ndi maso. Tsinani khungu mofatsa m'mbali mwa chilonda mutavala magolovesi: chapamwamba chimakhala chopyapyala ngati khungu lina lonse, chozama chimakhala chokhuthala, chotukuka ngati kachigamba. Kenako yang'anani khungu lometedwa lija. Mukaona timatuza kapena tiziphuphu tofiira tomwazikana kunja kwa malire a chilonda, kapena mukasindikiza pang'ono n'kutuluka mafinya osakanikirana ndi magazi m'timabowo ting'onoting'ono, chimenecho n'chozama. Kumeta mokwanira kuja kumathandizanso pamenepa, chifukwa tiziphuphuto sitioneka pansi pa ubweya. Chilonda chotere sichipola ndi kutsuka kokha, ndipo haidirokotizoni amachikulitsa, choncho musiyeni. Chimafuna mankhwala akumwa opha mabakiteriya, nthawi zambiri kwa masabata atatu kapena kuposerapo, ndipo amamwedwa mpaka kumapeto ngakhale pamwamba pataoneka kuti papola.

Zikatero pitani naye kwa dokotala, chimodzimodzinso ngati pakwana masiku awiri kufiira kwadutsa timadontho tanu, fungo likukula, kapena galu wayamba kufooka. Popita kwa dokotala tengani zithunzi zija, botolo la mankhwala amene mwakhala mukupaka, ndipo mukumbukire tsiku limene galu analandira komaliza mankhwala a nthata, chifukwa limenelo ndi limodzi mwa mafunso oyamba amene adzakufunseni.